Ulaliki ukamwazika: mmene mungausanjirenso kuti uyende

Vuto ili limabwera kawirikawiri kwa ife amene timalalikira tisanapite ku sukulu ya ubusa, akulu a mpingo, atsogoleri a mlaga kapena mphakati, amayi a Mvano ndi achinyamata amene apatsidwa gome koyamba. Munthu wawerenga Mawu sabata yonse, wapemphera, kope ladzaza. Waima pagome Lamulungu, walankhula mphindi 45, ndipo zonse zimene wanena ndi zoona. Koma potuluka mukafunsa gogo wina kuti lero alalikira chiyani, ayankha kuti, "Alalikira bwino, za Zakeyu." Mukafunsanso kuti za Zakeyuzo anati chiyani, gogoyo angomwetulira, osayankha.

Ambiri akaona chonchi amaganiza kuti mfundo zinachepa, ndiye sabata yotsatira amawonjeza mavesi. Pamenepo vuto limangokula, chifukwa mfundo zinalipo zokwanira kale, zimangosowa posanjidwa. Dongosolo limene alaliki ambiri amalidziwa, la mawu oyamba, mfundo zitatu, zitsanzo ndi pempho lomaliza, limathandizadi. Chimene ndaona pa zaka zimene ndakhala ndikuthandiza anzanga kukonza ulaliki n'chakuti dongosololi limakanika munthu akamalidzaza kuyambira kumwamba kutsika pansi. Mawu oyamba ayenera kulembedwa pomalizira penipeni, ndipo choyamba kulemba ndi pempho lomaliza.

Kope la mnyamata wina

Mnyamata wina wa kumpingo kwathu anabwera kunyumba Lachisanu madzulo ndi kope lake. Anali atapatsidwa Luka 19:1-10, nkhani ya Zakeyu. Anati, "Akulu, ndayesa kuwerenga mokweza kunyumba, zanditengera pafupifupi ola lathunthu, ndipo sindikudziwa chochotsa." M'kopemo munali zinthu 11, zolembedwa monga mmene zinkamufikira m'maganizo.

Anayamba ndi mbiri ya Yeriko ndi malinga aja anagwa m'masiku a Yoswa. Kenako chifukwa chimene Ayuda ankadera amisonkho. Kenako msinkhu wa Zakeyu, ndi 1 Samueli 16:7 yonena kuti Mulungu sayang'ana maonekedwe. Kenako khama la kukwera mu mkuyu. Yesu kumuitana ndi dzina lake. Kung'ung'udza kwa anthu, pamodzi ndi tsamba lathunthu lodzudzula miseche mumpingo. Chakhumi, ndi Malaki 3:10. Kubweza kanayi. Achinyamata ndi mowa. Nkhani ya kondakitala wa minibasi amene anabweza chenji. Pansi penipeni panali vesi 10, yonena kuti Mwana wa Munthu anabwera kudzafuna ndi kupulumutsa chotayika.

Palibe chimodzi mwa izi chimene chinali chonama. Ndinamufunsa funso limodzi: "Mwana wanga, mayi amene wakumva Lamulunguli, ukufuna Lolemba m'mawa akachite chiyani chimene sakanachita ukanapanda kulalikira?" Anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Akhale ngati Zakeyu." Ndinamuuza kuti yankholo silinafike, chifukwa munthu sangadzuke Lolemba n'kuyamba kukhala ngati Zakeyu osadziwa poyambira. Tinabwerera ku vesi 8. Pamenepo Zakeyu akunena zinthu ziwiri zowerengeka: theka la chuma chake apatsa osauka, ndipo amene anamulanda kanthu monyenga amubwezera kanayi. Mnyamatayo anawerenga kawiri n'kunena yekha kuti, "Ndiye kuti apite kwa munthu amene anamudyera chinthu, akabweze." Pamenepo pempho lomaliza linali litapezeka, ndipo tinalilemba pansi pa tsamba latsopano.

Mukalephera kunena ulaliki wonse m'chiganizo chimodzi

Ichi ndi chizindikiro choyamba chakuti ulaliki sunapse. Yesani kuuza mkazi wanu, mwamuna wanu kapena mwana wa Sitandade 8 zimene mukalalikire, m'chiganizo chimodzi chokhala ndi mneni. "Za Zakeyu" si chiganizo, ndi mutu chabe. "Za chikondi cha Mulungu" ndi mutunso, ndipo ungakwane pa ulaliki uliwonse wa chaka chonse. Chiganizo chimene tinapeza ndi mnyamata uja chinali chakuti, Yesu akalowa m'nyumba ya munthu, munthuyo amabweza zimene analanda. Chiganizo chotere munthu angathe kuchivomereza kapena kuchitsutsa, ndipo ndi mmene mumadziwira kuti mwanena kanthu.

Chiganizocho chikapezeka, chimagwira ntchito ya lichero. Mumatenga chinthu chilichonse cha m'kope n'kufunsa ngati chikunyamula chiganizocho. Malinga a Yeriko anatuluka nthawi yomweyo, chifukwa chimene chikuwagwirizanitsa ndi Zakeyu ndi dzina la mzinda lokha. Mowa wa achinyamata unatuluka, chifukwa mulibemo m'ndimeyi. Chakhumi chinavuta kuchichotsa, pakuti mnyamatayo ankachikonda, ndipo ankaona kuti Zakeyu naye wapereka. Koma vesi 8 ikunena za osauka ndi za anthu amene anawalanda, sikunena za chopereka cha m'kachisi. Kulalikira chakhumi pa vesi imeneyi n'kuikakamiza kunena zimene sinanene, ndipo choopsa chake n'chakuti munthu amene anabera mnzake angaganize kuti akaponya ndalama m'mbale ndiye kuti wathana nazo, mnzakeyo osalandira kanthu.

Zochotsedwazo musazitaye. Ine ndimasunga masamba a kumapeto kwa kope kuti ndizilembamo zotere, ndipo ulaliki wina wa miyezi ya kutsogolo umachokera mmenemo. Kudziwa kuti chinthu chasungidwa kumathandiza kuti dzanja lisanjenjemere pochichotsa.

Mfundo zitatu zikamamveka ngati maulaliki atatu

Apa ndi pamene ambiri timagwa, ndipo ndichedwapo pang'ono. Munthu amamva kuti ulaliki ukhale ndi mfundo zitatu, ndiye amangosankha zitatu zimene wazikonda pa mndandanda wake: khama la Zakeyu, kuipa kwa miseche, kufunika kwa chakhumi. Iliyonse ndi yabwino payokha, koma palibe imene ikufuna inzake. Mungathe kuyamba ndi yachitatu n'kumaliza ndi yoyamba popanda chosintha. Yesani zimenezi pa mfundo zanu: zisinthanitseni malo. Ngati palibe chimene chawonongeka, ndiye kuti muli ndi milu itatu ya njerwa, khoma simunamange. Omvera amazindikira msanga, chifukwa mukafika pa mfundo yachiwiri amaona ngati mwayambiranso ulaliki wina, ndipo yoyamba amaisiya pomwepo.

Pa nkhani ngati ya Zakeyu, mfundo zimapezeka potsatira mmene nkhaniyo ikuyendera. Tinagawa mavesi 10 aja potengera amene akuchita kanthu pa gawo lililonse. Mavesi 1 mpaka 5, Zakeyu akufuna kuona Yesu, koma amene akuima, kuyang'ana m'mwamba ndi kutchula dzina ndi Yesu. Mfundo yoyamba inakhala yakuti Yesu ndi amene amayamba kutifuna, ndipo vesi 10 ija inali pansi pa tsamba inakwera kudzaichirikiza. Mavesi 6 ndi 7, Yesu akulowa m'nyumba anthu onse akung'ung'udza. Mfundo yachiwiri inakhala yakuti Yesu amalowa munthu asanakonze kalikonse. Mavesi 8 ndi 9, Zakeyu akuimirira n'kutchula zimene abweze. Mfundo yachitatu inakhala yakuti amene walandira Yesu amatchula chimene analanda n'kuchibweza.

Tsopano yesani kuzisinthanitsa. Mukaika yachitatu poyamba, ulaliki ukunena kuti bwezani kaye kuti Yesu akulandireni, zimene ndi zosiyana kotheratu ndi mmene Luka analembera. Ndiye kuti dongosololi lili ndi tanthauzo, ndipo mfundo iliyonse yaima pa inzake.

Zina za m'kope lija zinapeza malo pansi pa mfundozi, koma zitachepetsedwa. Chifukwa chodera amisonkho chinalowa pa mfundo yachiwiri m'ziganizo zitatu: ankatolera msonkho wopita kwa olamulira a Chiroma, ankadziwika ndi kulipiritsa mopitirira, ndipo Zakeyu anali mkulu wawo. Popanda zimenezi womvera sangamvetse chifukwa chake khamu linang'ung'udza. Tsamba lathunthu la miseche linatsala ziganizo ziwiri. Pa mfundo yachitatu tinawonjeza chinthu chimodzi chimene munalibe m'kope: Chilamulo pa Numeri 5:7 chinkafuna kuti wolakwira mnzake abweze chinthucho ndi kuwonjezapo gawo limodzi mwa magawo asanu, pamene kubweza kanayi kuli pa Eksodo 22:1, kwa wakuba nkhosa amene waipha kapena kuigulitsa. Zakeyu anadziika yekha pa muyeso wa mbala. Mavesi awiri amenewa akwanira, ndipo kuwonjeza ena asanu kukanangochititsa anthu kuvundukula masamba m'malo momvera.

Mfundo iliyonse ilembeni ngati chiganizo chachifupi chimene mungachinene osayang'ana pa pepala, ndipo munene mawu omwewo nthawi iliyonse mukaibwereza. Ambiri mwa omvera athu salemba, amasunga ndi makutu. Mukasintha mawu pobwereza, iwo amaganiza kuti ndi mfundo yachinayi. Pochoka pa mfundo ina kupita pa ina, imani pang'ono, bwerezani imene mwamaliza, ndipo funsani funso limene yotsatirayo ikuyankha. Mnyamata uja analemba chonchi: "Yesu wamupeza Zakeyu mumtengo. Nanga adikira kuti ayambe wakonza mbiri yake asanalowe m'nyumba mwake?"

Ndinene pano kuti chiwerengero cha zitatu si lamulo la m'Malemba. N'chothandiza chifukwa zitatu munthu amazinyamula m'mutu mosavuta. Koma fanizo la omanga nyumba pa Mateyu 7:24-27 lili ndi anthu awiri, ndipo mfundo ziwiri zimalikwanira. Mukalikakamiza kuti likhale ndi zitatu, yachitatuyo imakhala yoonda, ndipo mudzaidziwa chifukwa ilibe vesi yakeyake m'ndimeyo.

Anthu akakumbukira chitsanzo n'kuiwala mfundo

Izi zimachitika pa zifukwa ziwiri. Mwina chitsanzo chatalika kuposa mfundo yake, kapena chikunena zosiyana pang'ono ndi mfundoyo. Nkhani ya kondakitala wobweza chenji inali ndi vuto lachiwirili. Ndi nkhani yokoma, koma kondakitalayo sanabe kanthu, anali munthu wokhulupirika kuyambira poyamba. Zakeyu ndi munthu amene analanda kale ndipo tsopano akubweza, mwamanyazi, pamaso pa anthu omudziwa. Chitsanzo cha kondakitala chikanatonthoza okhulupirika n'kusiya mbala ili phee.

Tinafunafuna china cha pafupi ndi moyo wa anthu athu, ndipo tinapeza cha malire a munda. Munthu akamalima, chaka chino adya mzere umodzi wa mnzake, chaka chamawa winanso, mpaka patatha zaka 5 mtengo umene unali pamalire uli pakati pa munda wake. Palibe tsiku limene anadziona ngati wakuba. Kubweza kwa munthu ameneyu n'kupita kwa mnzakeyo, mwina pamaso pa amfumu, n'kunena kuti mizere iyi ndi yanu, ndipo chimanga chimene ndakololapo zaka zonsezi ndikubwezerani. Aliyense wa kumudzi amamva kulemera kwa zimenezi. Mumpingo wa m'tauni mungasankhe sikelo yopotozedwa pogula mbewu, kapena ngongole ya ku banki mkhonde imene munthu anaithawa.

Mfundo iliyonse ikhale ndi chitsanzo chimodzi, chosapitirira mphindi 2, ndipo mukachimaliza bwererani ku chiganizo cha mfundoyo ndi mawu omwe aja. Onani mmene Natani anachitira pa 2 Samueli 12. Nkhani ya kamwana ka nkhosa ka munthu wosauka ili m'mavesi anayi okha, ndipo itangotha akuuza Davide kuti munthuyo ndi iye. Sanawonjeze nkhani yachiwiri.

Pali chenjezo limene sindilisiya ndikamathandiza munthu. Mpingo wa kumudzi ndi waung'ono, ndipo anthu amadziwana mpaka mbuzi zawo. Ngati pali mlandu wa malire umene uli kwa amfumu mwezi womwewo, chitsanzo cha munda chisiyeni, chifukwa anthu onse adzacheukira munthu mmodzi, ndipo iye adzatuluka ali wonyozeka, osati wolapa. Chimodzimodzi zimene munthu anakuuzani mwachinsinsi, ngakhale mutabisa dzina. Amene anakuuzaniyo adzazindikira, ndipo sadzabweranso kwa inu.

Mukanena kuti "pomaliza" katatu

Mlaliki amene amabwereza mawu akuti "pomaliza" amakhala kuti sanalembe mathero ake, ndiye akuwafunafuna ali pagome. Anthu atseka kale Mabaibulo, akwaya akonzeka, iye akuyambanso mfundo imene wangoikumbukira. Mankhwala ake ndi kulemba pempho lomaliza mawu ndi mawu, ngakhale ulaliki wonse mutaulemba m'timitu chabe. Pempholo lisabweretse vesi yatsopano kapena nkhani yatsopano. Libwereze mfundo zitatu zija, chiganizo chimodzi pa iliyonse, kenako linene chochita chimodzi, kwa ndani, ndi liti.

La mnyamata uja linamveka chonchi: "Abale ndi alongo, Yesu anakufunani musanamufune. Analowa m'nyumba mwanu musanakonze kanthu. Tsopano pali dzina la munthu limene lakhala likukubwererani m'maganizo pamene ndimalankhula. Usiku uno lembani dzinalo ndi chimene munamulanda. Lamulungu lisanafike pitani mukamuone. Ngati simungathe kubweza zonse, pitani ndi zimene muli nazo, mukagwirizane za zotsalazo." Chiganizo chomalizacho tinachiwonjeza dala. Popanda icho, munthu amene ngongole yake ndi yaikulu amangoti izi sizingatheke, n'kuchotsa mtima wake pa ulaliki wonse.

Pempho likakhala lakuti "tiyeni tonse tisinthe", aliyense amavomera ndipo palibe amene amachita kanthu. Pa Machitidwe 2:37 anthu anafunsa Petro ndi atumwi anzake kuti achite chiyani, ndipo yankho la pa vesi 38 linali lomveka: alape ndi kubatizidwa. Mipingo imasiyana pa kachitidwe kake, ina imaitanira anthu kutsogolo, ina imangopemphera anthu ali m'malo mwawo. Tsatirani mwambo wa mpingo wanu, koma m'njira zonse ziwiri munthu adziwe chimene akuvomera.

Mawu oyamba akadya nthawi ya mfundo yoyamba

Awa ndi osavuta kukonza mukawalemba pomalizira, chifukwa tsopano mukudziwa kumene mukupita. Ntchito yake ndi kudzutsa funso limene ulaliki ukuyankha. Mnyamata uja anayamba ndi kufunsa ngati alipo amene amasintha njira popita kumsika kuti asakumane ndi munthu wina wake, ndipo anadikira pang'ono asanapitirize. Malonje kwa abusa, akulu a mpingo ndi alendo ndi mwambo wathu ndipo sitingawasiye, koma akwane m'chiganizo chimodzi kapena ziwiri. Kupepesa kuti simunakonzeke bwino kusiyeni, chifukwa kumangouza anthu kuti asamvetsere.

Nthawi

Pa ulaliki wa mphindi 25, ine ndimagawa chonchi: mphindi 2 kapena 3 mawu oyamba, mphindi 6 mfundo iliyonse pamodzi ndi chitsanzo chake, mphindi 4 pempho ndi pemphero. Mfundo sizifunika kufanana ndendende. Pa Zakeyu yachitatu inatenga mphindi 8 ndipo yoyamba 5, chifukwa kulemera kwa ulalikiwo kunali pa kubweza. Lalikirani mokweza kunyumba wotchi ya pafoni ikuyenda, n'kulemba m'mphepete mwa pepala mphindi imene mfundo iliyonse iyenera kuyamba. Kuwerenga chamumtima kumanamiza, chifukwa pagome mumaima, mumabwereza, anthu amayankha, mwina wina amayambitsa kolasi. Kukakhala womasulira, monga zimachitikira m'mipingo ya Amalawi ku Joni kapena pamene pasonkhana olankhula Chichewa ndi Chitumbuka, nthawi imawirikiza pafupifupi kawiri, ndiye konzani za mphindi 12 ngati mwapatsidwa 25.

Dongosolo lomweli limagwira pa zolankhula za pa msonkhano wa makolo kusukulu kapena wa chitukuko cha m'mudzi: yambani ndi chimene mukupempha anthu, monga njerwa zingati banja lililonse ndi tsiku lake, kenako pezani zifukwa zitatu zochichirikiza. Pamaliro pokha ndimalangiza mfundo imodzi ndi chitsanzo chimodzi, chifukwa anthu agona panja, atopa, ndipo ofedwa sangathe kunyamula zambiri.

Chotsala ndi tsiku lija zolengeza zatalika, makwaya asanu aimba, ndipo wotsogolera mapemphero akukunong'onezani kuti mwatsala ndi mphindi 15. Amene sanakonzekere zimenezi amathamangitsa mfundo zonse, n'kudula pempho lomaliza, lomwe ndi chifukwa chimene anaimira pagome. Konzekeranitu kunyumba poika mzere wa pensulo pambali pa zimene zingachoke. Choyamba kuchoka ndi mavesi a m'mabuku ena, kenako chitsanzo cha mfundo yoyamba, kenako cha yachiwiri. Ziganizo zitatu za mfundo, chitsanzo cha mfundo yolemera kwambiri ndi pempho lomaliza zisakhudzidwe. Pa kope la mnyamata uja tinaika mzere pa Numeri ndi Eksodo ndi pa zitsanzo ziwiri zoyambirira, ndipo zotsalazo tinaziwerengeranso ndi wotchi. Analemba zonse pa tsamba limodzi, mbali imodzi yokha, mfundo zitatuzo m'zilembo zikuluzikulu kuti aziziona ngakhale pepala lili pagome iye ataimirira.